Nkhuku 60 za ukwati ndi mauvuni awiri: nthawi muiwerenge chobwerera m'mbuyo

Funso: Mayi, ine ndine wa ku Ulongwe, ndimaphika m'maphwando ang'onoang'ono koma ulendo uno andipatsa ukwati wa anthu 240. Akufuna nkhuku 60 zowotcha zathunthu, iliyonse ndi ya kilo imodzi ndi magalamu 300. Ndili ndi mauvuni awiri a gasi, uvuni aliyense amalowa mathileyi awiri. Chakudya akuti 14:00. Ineyo m'mawa wonse ndidzakhala ku holo, kukhitchini ndidzasiya atsikana atatu ndi mnyamata m'modzi. Ndiwalembere chani pa pepala kuti nthawi isawasokonekere?

Yankho: Achemwali, musanagwire cholembera tengani nkhuku zosaphika zingapo lero lomwe muziyale pa thileyi yanu muone kuti zikukwana zingati popanda kugundana. Pakati pa nkhuku ndi inzake pazitsala mpata wolowa zala ziwiri. Ndikuyambira apa chifukwa masamu onse a tsikulo akutsamira pa nambala imeneyi, ndipo ambiri amaiganizira m'mutu basi, kenako Loweruka m'mawa nkupeza kuti thileyi yomwe ankati imalowa nkhuku 8 ikulowa 5. Mukazithithikiza kuti zikwane 8 zija sizipsa ngati zowotcha ayi, zimatulutsa madzi nkumaphikika ndi nthunzi, khungu limakhala lotuwa lonyowa ndipo pomwe zagundana pamatsala pofiira. Ine ndiwerengera kuti thileyi yanu ikutenga nkhuku 5. Ndiye uvuni m'modzi ndi nkhuku 10, awiri ndi 20, kuti mumalize 60 mulowetsa maulendo atatu. Ngati yanu ikutenga 4 ndiye kuti maulendo ndi anayi, muonjezere ola ndi theka kumayambiriro.

Tsopano ulendo umodzi umatenga nthawi yaitali bwanji. Nkhuku imodzi ya kilo 1.3 ili yokha mu uvuni wa madigiri 200 imapsa pa ola limodzi, mwina kupitirirako pang'ono. Koma inu simukulowetsa imodzi, mukulowetsa makilo 13 a nyama yozizira nthawi imodzi, ndipo mukangotseka chitseko kutentha kumagwa kwambiri, uvuni amavutika mphindi zambiri kuti abwerere pomwe anali. Nchifukwa chake pa uvuni wodzadza ine ndimaika ola limodzi ndi mphindi 15. Pamwamba pake ndimaonjezera mphindi 15 zina zotulutsa, kukhuthula mafuta, kuyala nkhuku zina ndi kudikira kuti uvuni atenthenso ali wopanda kanthu. Mphindi 15 zimenezi anthu amaziona ngati zotayika ndiye amazidumpha, amatulutsa uku akulowetsa uku chitseko chili yasa, koma zomwe mwapulumutsazo mumakazilipira kawiri mkati chifukwa ulendo wachiwiriwo umayambira pa uvuni wozizira. Ndiye ulendo uliwonse muuwerenge ola ndi theka.

Pepala lanu muyambire pa 14:00 kumabwerera m'mbuyo, osati kuyambira m'mawa kumapita kutsogolo. Nkhuku ikatuluka imafuna kupuma mphindi 15 isanadulidwe, mukaidula ikadali kuwira madzi onse amathera pa thabwa nyama nkuuma. Ikani mphindi 15 zopuma, 15 zodula, 15 zonyamula kupita ku holo ngati ili pafupi, ndiye kuti ulendo womaliza utuluke 13:15. Kuti utuluke 13:15 ulowe 12:00. Wachiwiri ulowe 10:30 utuluke 11:45. Woyamba ulowe 9:00 utuluke 10:15. Moto muyatse 8:30, chifukwa uvuni wamkulu wa gasi amafuna theka la ola kuti zitsulo zake zitenthe bwinobwino, osati mpweya wokha. Ndipo uvuni wachiwiri azitsatira woyamba ndi mphindi 10 pa chilichonse, kuti ana anuwo asamalimbane ndi zitseko ziwiri ndi mathileyi anayi a mafuta otentha nthawi imodzi, apa ndi pomwe anthu amapsera manja.

Mwina mukuti nanga ulendo wachitatu ukachedwa ndi mphindi 20 zitha bwanji. Musadandaule nazo kwambiri, anthu 240 samalandira chakudya pa mphindi imodzi, mzere umayenda pafupifupi ola lathunthu, mumayamba kugawa nkhuku za maulendo awiri oyamba aja, zomalizazo zimafika anthu akudya kale. Chomwe chimandisowetsa tulo ine ndi nkhuku 20 zoyambazo, zomwe zatuluka 10:15 ndipo zidikira mpaka 14:00, maola atatu ndi mphindi 45, komanso tonse tikudziwa maukwati athu, kutchalitchi achedwa, akwati apita kukajambulitsa, apadrinyo alankhula, 14:00 ija nkukhala 15:30.

Nyama yophika imakhala bwino ikakhala yotentha kuyambira madigiri 60 kupita m'mwamba, kapena yozizira kuyambira madigiri 5 kutsika. Pakatipo ndi pomwe tizilombo toyambitsa matenda timaswana msanga. Malire ake ndi maola awiri, ndipo kunja kukatentha kupitirira madigiri 32 malirewo amatsika kufika ola limodzi lokha. Inu ku Angónia kuli kozizirirapo, koma anzathu a mu mzinda wa Tete ndi ku Moatize m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala, komwe kutentha kumafika madigiri 40, ola limodzilo alitenge ngati lamulo. Ndipo choopsa chake nchakuti nkhuku yoteroyo sinunkha, simasintha mtundu, imakoma bwinobwino, anthu amadya nkuvina, m'mimba mumadzayamba usiku. Ndiye kuika nkhuku mu beseni nkuphimba ndi chitenje pa tebulo kuyambira 10:15, chonde ayi.

Ine ndimachita chonchi. Ndimatenga makolimani akuluakulu aja oikamo zakumwa, ndimawatsuka, nkuthiramo madzi otentha kwambiri nkutseka mphindi 15 kuti makoma ake atenthe. Nkhuku zikatuluka madziwo timataya, pansi timayala thaulo loyera, nkhuku timazikulunga mu foyilo ziwiriziwiri zikadali zotentha, zathunthu osadula, nkuzipanikiza mkati mpaka kolimani adzadze, thaulo lina pamwamba nkutseka. Kupuma kuja zipumira momwemo. Apa kuthithikana ndiye kwabwino, chifukwa kolimani wodzadza amasunga kutentha nthawi yaitali kuposa watheka, ndipo nkhuku yathunthu imachedwa kuzizira kuposa zidutswa. Koma musangokhulupirira kolimaniyo, ola lililonse m'modzi atsegule mwachangu abaye temometa pa nkhuku ya pamwamba pakona, yomwe imayamba kuzizira. Ikamayandikira 62 kapena 61, nthawi yakwana yobwezera ku moto. Mwayi wake ndi wakuti 13:15 uvuni woyamba amakhala atamasuka, wachiwiri 13:25, ndiye nkhuku za ulendo woyamba mumazivundukula nkuzibwezera pa 200 mphindi 10 kapena 15 mpaka mkati mufikenso 75, ndipo khungu lomwe linafewa ndi nthunzi mu foyilo limaumanso bwino. Ukwati ukachedwa, tsitsani uvuni afike cha pa 90 kapena 100, nkhuku zikhale mmenemo zophimbidwa. Ziuma pang'ono inde, koma palibe adwale.

Chinthu china chomwe ndimakaniza ndi kuwotcha theka Lachisanu madzulo kuti mudzamalizitse Loweruka. Anthu amaona ngati nzeru yopulumutsira nthawi koma kutero ndi kufunditsa mkati mwa nkhuku popanda kupha tizilombo, nkuisiya usiku onse.

Nditchuleko za temometa popeza ndaitchula kale. Nthawi zomwe ndakupatsanizi zikukuuzani nthawi yoyamba kuyeza, sizikukuuzani kuti nkhuku yapsa. Chomwe chimanena kuti yapsa ndi kutentha kwa mkati, madigiri 74, ine ana anga ndimawauza 75 kuti isavute kukumbukira. Gulani temometa ya nyama ija yokhala ndi chitsulo chosongoka ngati singano, ndi kachinthu kotchipa poyerekeza ndi mtengo wa nkhuku 60. Mumabaya pa ntchafu pomwe pali mnofu wambiri, chakumkati pafupi ndi thupi, osakhudza fupa chifukwa fupa limanamiza nambala, kenako mubayenso pa chidali. Ndipo musayeze nkhuku imodzi yokha ya kutsogolo yooneka bwino, pa thileyi iliyonse yezani yaikulu kwambiri ndi ya pakati. Temometayo muiyese kaye mu kapu yodzadza ayezi ndi madzi pang'ono, iwonetse 0. Musaiyesere m'madzi owira chifukwa kwanu kumapiriko madzi amawira asanafike 100, mungaitaye ili yabwinobwino. Ikasowa temometa, bayani ntchafu ndi mpeni woonda, madzi otuluka akhale oyera opanda kufiira ndipo mwendo uzigwedera mosavuta polumikizira, koma njira imeneyi ndi yongothandizira. Komanso dziwani kuti nkhuku zachizungu zazing'ono zomwe zinaumitsidwa mu firiza nthawi zina fupa limaoneka lakuda kapena lofiirira ngakhale zitapsa, ndi mtundu wochokera m'mafuta a m'fupa, ngati temometa yati 75 musazibwezere ku moto mpaka kusanduka chikuni.

Ndikuuzeni zomwe zinandichitikira ine ku Moatize, pa ukwati wa nkhuku 50, nthawi imeneyo ndisanaphunzire. Nkhuku zinali mu firiza yaikulu ija yotsekula pamwamba, ndiye ndinati ndingozimitsa Lachinayi madzulo, pofika Loweruka zikhala zitasungunuka. Za pamwamba zinasungunukadi, koma za pakati ndi pansi zinali ngati miyala, firiza yodzadza yotseka imasunga ayezi masiku awiri osavuta. Atsikana anathira madzi kunja kukafewa nkupaka tempelo nkulowetsa. Patatha ola ndi mphindi 15 zinatuluka zokongola, zofiirira, fungo la adyo ndi mandimu mpaka kumsewu, ine ndinatenga mpeni kudula imodzi pa thabwa, polumikizira ntchafu panatuluka magazi enieni, nditalowetsa chala mkati munali mozizira. Apo nkuti nthawi ili cha m'ma 11. Tinazidula zonse pakati nkuzibwezera mbali ya mafupa ili pansi, ulendo uliwonse unadya mphindi 25 zoonjezera, anthu anadya mochedwa ndipo amadrinya anabwera kukhitchini katatu konse. Kuyambira tsiku limenelo nkhuku ndimazitulutsa mu firiza Lachinayi m'mawa, ndimaziyala mu jeleira mosaunjika, ngati malo achepa ndimabwereka majeleira a anansi, Lachisanu madzulo ndimapisa dzanja m'mimba mwa nkhuku iliyonse, iliyonse ndithu, ndikamva kaayezi imeneyo imalowa m'madzi ozizira ili mu pulasitiki, madzi kumasintha theka la ola lililonse. Nthawi zonse zomwe ndalemba pamwambapa ndi za nkhuku yosungunuka mpaka mkati.

Lachisanu lomwelo muzisankhe nkhukuzo potengera kukula. Pa bokosi amalemba 1.3 koma mupezamo za 1.1 ndi za 1.5, ndipo zikakhala thileyi imodzi yaing'ono imauma yaikulu isanapse. Zikuluzikulu zilowe ulendo woyamba chifukwa ndi zomwe zimasunga kutentha nthawi yaitali mu kolimani, zing'onozing'ono zilowe womaliza chifukwa zimapsa msanga nthawi ikathina. Ngati eni ukwati aonjezera nkhuku zachikuda zochokera kumudzi, musazisakanize ndi izi, nyama yake ndi yolimba, izo ziphikidwe mu poto.

Za mkati mwa ulendo ndi zochepa. Uvuni wa gasi moto umachokera pansi, thileyi yapansi imapserera kunsi pomwe yapamwamba ikufiira pamwamba, ndipo kumbuyo kumatentha kuposa kuchitseko. Ndiye pakatha mphindi 40 asinthanitse, yapansi ikwere yapamwamba itsike, komanso aitembenuze mbali ya kumbuyo ibwere kutsogolo. Nthawi yomweyo akhuthule madzi ngati achuluka mu thileyi ndi kupaka mafuta a tempelo kamodzi. Kutsegula ndi komweko basi mpaka nthawi yoyeza. Vuto la ana ofuna kuchita bwino ndi loti amasuzumira mphindi 10 zilizonse, ndipo akatsegula kutentha kumathawa, ulendo wa ola ndi mphindi 15 umasanduka wa ola ndi mphindi 40. Tempelo wopaka pa mphindi 40 akhale amene munapatula musananyikemo nkhuku, wotsala mu beseni la nyama yaiwisi atayidwe. Khungu likamada msanga mkati musanapse, nthawi zambiri ndi adyo wochuluka pamwamba kapena shuga mu tempelo, aphimbe ndi foyilo momasuka ndi kutsitsa moto pa 180.

Ndipo gasi, abale. Uvuni aliyense akhale ndi botija yake yodzadza, yachitatu ikhale pambali. Botija imodzi ikamadyetsa mauvuni awiri maola ambiri imazizira, mumaiona ikuchita thukuta kunja mwina mpaka kuyera ayezi, mphamvu ya gasi imatsika, moto umafupika koma osazima, ndiye palibe amazindikira mpaka nkhuku zitakana kupsa pa nthawi yake. Mnyamata wanuyo ntchito yake ikhale imeneyi, kuyang'ana moto kuti ndi wabuluu komanso wautali monga unalili m'mawa.

Pepala lomwe ine ndimamata pa khoma pafupi ndi uvuni limakhala lalifupi, zilembo zikuluzikulu, chifukwa munthu wa manja a mafuta sawerenga nkhani yaitali. Lanu likhoza kukhala chonchi:

"Anzanga, moto tiyatsa 8:30 pa 200, uvuni wachiwiri atsatire pakatha mphindi 10 pa chilichonse. Nkhuku za ulendo uliwonse zituluke mu jeleira theka la ola zisanalowe, osati zonse m'mawa. Thileyi iliyonse nkhuku 5, zisagundane, chidali m'mwamba. Zikuluzikulu ziyambe.

Ulendo woyamba kulowa 9:00, kusinthanitsa mathileyi 9:40, kuyeza 10:10, kutuluka 10:15. Wachiwiri kulowa 10:30, kusinthanitsa 11:10, kuyeza 11:40, kutuluka 11:45. Wachitatu kulowa 12:00, kusinthanitsa 12:40, kuyeza 13:10, kutuluka 13:15.

Nkhuku isatuluke ngati ntchafu sinafike 75, ngakhale nthawi itakwana. Ikapanda kufika tsekani, yezaninso pakatha mphindi 10, ndipo nthawi zonse zotsatira muzisunthe ndi mphindi zomwezo, lembani ndi cholembera pa pepala pomwepa. Mukatulutsa tsekani uvuni wopanda kanthu atenthenso musanalowetse zina. Zotuluka zikulungidwe zathunthu zilowe mu kolimani wotentha, yezani ola lililonse, ikafika 62 ndiimbireni. Thabwa, mpeni ndi mathileyi a nyama yaiwisi asakhudze yopsa musanatsuke ndi sopo. Kudula tiyamba 13:15 ndi za ulendo wachiwiri, za woyamba zibwerere mu uvuni kaye. Mukakayika imbani foni, musaganizire nokha."

Pa dzina la ntchito iliyonse lembani munthu wake, uyu wa wotchi ndi temometa, uyu wa mathileyi, uyu wa kolimani ndi kudula, mnyamata wa gasi ndi kunyamula. Wa wotchiyo akhale amene ali ndi mtima wodekha osati wamkulu pa msinkhu, ndipo aike ma alamu onse mu foni Lachisanu usiku inu muli pomwepo. Ntchito ikakhala ya onse aliyense amaganiza kuti mnzake wayeza.

Pa kudula, nkhuku 60 kudula panayi ndi zidutswa 240 ndendende, palibe chotsala ngakhale chimodzi, ndipo pa ukwati wa kwathu kuno sipalephera obwera osaitanidwa. Kambiranani ndi eni ukwati aonjezere nkhuku 5 kapena 6, koma dziwani kuti zoonjezerazo sizikwana mu maulendo atatu aja, ziwotchereni pa makala zotsegula kumsana nthawi ya ulendo wachitatu.

Njira ina ngati mukuona kuti kusunga nkhuku maola anayi kukuopsani, kalankhuleni ndi a padariya ya pafupi. Uvuni wa buledi wa nkhuni umatha kutenga mathileyi ambiri nthawi imodzi, mwina onse 12, ndiye nkhuku zonse zikhoza kulowa cha m'ma 11:45 nkutuluka limodzi. Kungoti uvuni umenewu ulibe kabatani, kutentha kwake kumayamba pamwamba nkumatsika, ndiye nthawi yolowetsa anene ndi mwini wake amene amaudziwa, inu mupite ndi temometa yanu ndi foyilo. Kaya musankha njira iti, Lachitatu lisanafike wotchani thileyi ziwiri zodzadza mu uvuni m'modzi ndi ana anuwo ali pomwepo, wotchi m'manja, mulembe mphindi zomwe zatenga kuti ntchafu ifike 75. Zikatenga mphindi 65 kapena 85 m'malo mwa ola ndi mphindi 15 zanga zija, sinthani pepala lonse potsatira nambala yanuyo. Nkhuku 10 zoyeserazo mukhoza kuzigulitsa zodulidwa madzulo omwewo ndalama nkubwerera.